Kapasita yodzaza ikalumikizidwa ndi yopanda chaji: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa amafunsidwa kawirikawiri ndi ophunzira zamagetsi komanso amisiri okonza mawailesi, makanema ndi mainveta muno mu Lilongwe. Mayankho ambiri atsamira pa chitsanzo chimodzi: makapasita awiri ofanana a 1000 µF, ina yodzazidwa kufika pa 12 V ndipo inzake yopanda kanthu. Mawu akuti mphamvu pano akutanthauza chimene chimayezedwa m'majulu, chizindikiro chake J, osati voliteji, ngakhale kuti polankhula tsiku ndi tsiku anthu amasakaniza ziwirizi.

1. Kodi chimachitika n'chiyani makapasita awiriwa akangolumikizidwa?

Mwendo wa + wa kapasita yodzaza ukakhudzana ndi mwendo wa + wa inzake, ndipo miyendo ya − nayo ikalumikizidwa, chaji imayamba kuchoka m'kapasita yodzaza kupita m'yopanda kanthu. Chimene chimaikankha ndi kusiyana kwa voliteji, komwe pachiyambi ndi 12 V yonse. Pamene chaji ikusamuka, voliteji ya kapasita yoyamba imatsika, ya yachiwiri imakwera, kusiyana kuja kumachepa ndipo karenti imafooka mpaka kutheratu pamene mavoliteji awiriwa afanana.

Chaji yonse imene inalipo poyamba imakhalapobe pamapeto. Mapuleti awiri a mbali ya + pamodzi ndi waya wowalumikiza ali ngati chilumba, pakuti dayilekitiriki, kanthu kopyapyala kamene kali pakati pa mapuleti a kapasita iliyonse, salola chaji kuwoloka. Choncho chaji ilibe kotulukira, imangogawidwa.

2. Nanga voliteji yomaliza imawerengedwa bwanji?

Imawerengedwa kuchokera pa chaji. Chaji ya kapasita ndi kapasitansi yake kuchulukitsa ndi voliteji, ndipo pamapeto chaji yomweyo imakhala itagawidwa m'makapasita awiri amene ali pa voliteji imodzi:

```
Q = C1 × V0
V = C1 × V0 / (C1 + C2)
```

M'chitsanzo chathu chaji ndi 0.001 F kuchulukitsa ndi 12 V, zomwe zikupereka 12 mC. Kapasitansi ya makapasita onse awiri pamodzi ndi 2000 µF, kotero voliteji yomaliza ndi 6 V, ndipo kapasita iliyonse yatsala ndi 6 mC. Taonani kuti m'masamu amenewa mulibe rezisitansi ya waya ngakhale kutalika kwake. Waya amalamula nthawi imene kusamukako kutenge, koma salamula pomwe voliteji ikathere.

3. N'chifukwa chiyani amati theka la mphamvu latayika?

Mphamvu yosungidwa m'kapasita imayenda ndi voliteji yochulukitsidwa ndi iyo yomwe:

```
E = ½ × C × V²
```

Poyamba kapasita imodzi ya 1000 µF pa 12 V ili ndi 72 mJ. Pamapeto kapasita iliyonse ili pa 6 V ndipo yasunga 18 mJ, kutanthauza kuti awiriwo pamodzi asunga 36 mJ. Voliteji yatsika ndi theka, mphamvu ya kapasita iliyonse yatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kukhala ndi makapasita awiri kwangobweza theka la imene inalipo. Chaji yonse ilipo, koma 36 mJ sizikupezeka m'makapasita.

Amene amasunga madzi m'migolo podikira tsiku limene mpopi uume angazimvetse mosavuta. Tengani migolo iwiri yofanana, wina wodzaza wina wopanda madzi, ndipo muilumikize ndi paipi kunsi. Madzi akakhazikika, mgolo uliwonse uli ndi madzi ofika pakati ndipo palibe dontho limene lasowa. Komabe madzi amene anali kumtunda kwa mgolo woyamba tsopano ali kunsi kwa mgolo wachiwiri, ndiye kuti atsika. Chinthu cholemera chikatsika chimatulutsa mphamvu, ndipo madziwo aitulutsa powinduka ndi kukhuzana ndi paipi. Chaji nayo yatsika kuchoka pa voliteji yapamwamba kupita pa yapansi, ndipo potsikapo yasiya mphamvu panjira.

4. Mphamvu yotayikayo imapita kuti kwenikweni?

Pafupifupi yonse imasanduka kutentha m'njira imene karenti yadutsa. Lamulo loti mphamvu siwonongeka silinaphwanyidwe. Cholakwika chili pa chojambula cha m'buku, chimene chimaonetsa makapasita awiri, swichi ndi mizere yowongoka ngati kuti mizereyo ilibe kanthu, pamene waya weniweni ali ndi rezisitansi.

Tiyeni tiike rezisita ya 100 Ω pakati pa makapasita athu kuti tione bwino. Nthawi yoyambirira kusiyana kwa voliteji ndi 12 V, choncho karenti ndi 0.12 A. Karentiyo imafooka pang'onopang'ono, ndipo liwiro la kufookako limayezedwa ndi nthawi yotchedwa τ. Apa pali msampha umene umakola ambiri: kwa karenti yozungulira m'njirayi makapasita awiriwa ali mondondozana, wina kenako mnzake, kotero kapasitansi yogwiritsa ntchito powerengera τ si 2000 µF koma 500 µF.

```
Cs = C1 × C2 / (C1 + C2)
τ = R × Cs
kutentha = I0² × R × τ / 2
```

Motero τ ndi 100 Ω kuchulukitsa ndi 500 µF, yomwe ndi 50 ms. Pakatha τ zisanu, kotala ya sekondi, kusiyana kwa voliteji kwatsala kosakwana 0.1 V. Kutentha konse kumene rezisita yatulutsa ndi 0.0144 kuchulukitsa ndi 100, kuchulukitsanso ndi 0.05, kenako kugawa pawiri, ndipo yankho ndi 0.036 J. Zimenezi ndi 36 mJ zomwe zija zinasowa pa funso 3, popanda kuperewera kapena kupitirira.

Pakapanda rezisita yoikidwa dala, kutenthako kumagawidwa m'zinthu zimene zilipo kale: rezisitansi ya m'kati mwa kapasita iliyonse, imene pa mapepala a opanga imalembedwa ESR, mawaya, polumikizira, ndi kamoto kamene kamathetheka miyendo ikamakhudzana. Popeza karenti ndi imodzi panjira yonse, gawo lililonse limalandira kutentha molingana ndi kukula kwa rezisitansi yake. Kagawo kochepa kwambiri kamatuluka ngati kuwala, kaphokoso ndi mafunde a wailesi. Musayembekeze kumva kutenthako ndi chala, chifukwa 36 mJ sizingatenthetse ngakhale galamu imodzi ya madzi ndi 0.01 °C.

5. Ndikagwiritsa ntchito waya wonenepa ndiponso wamfupi, kodi mphamvu yotayika sichepa?

Sichepa ngakhale pang'ono, ndipo ili ndi gawo la nkhaniyi limene anthu amavutika nalo kwambiri kulivomereza, chifukwa pa ntchito zina zonse zamagetsi tinazolowera kuti waya wonenepa amataya zochepa.

Chotsani rezisita ya 100 Ω ija ndipo muike ya 1 Ω. Karenti yoyambirira ikwera kufika pa 12 A, τ itsika kufika pa 0.5 ms, ndipo kutentha ndi 144 kuchulukitsa ndi 1, kuchulukitsanso ndi 0.0005, kugawa pawiri: 0.036 J. Mukatsitsanso kufika pa 0.1 Ω, karenti iyambira pa 120 A, τ ikhala 50 µs, ndipo yankho ndi lomwelo. Chifukwa chake n'chakuti mukachepetsa rezisitansi ka 100, karenti imakula ka 100, ndipo popeza kutentha kumayenda ndi karenti yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, mbali imeneyi imakula ka 10,000. Koma rezisitansiyo yachepa ka 100 ndipo nthawi nayo yafupika ka 100, zomwe pamodzi zikufafaniza ka 10,000 kaja ndendende.

Pa mawaya a m'nyumba zinthu n'zosiyana chifukwa karenti imalamulidwa ndi chipangizo chimene mwayatsa, choncho kunenepetsa waya sikuikulitsa. Pakati pa makapasita awiri palibe china choletsa karenti kupatula wayayo. Chimene mwasintha ponenepetsa waya ndi ukali wa kutayako: mphamvu yomweyo yatuluka m'kanthawi kochepa zedi, ndipo n'chifukwa chake pamathetheka moto.

6. Nanga rezisitansi ikanakhala ziro yeniyeni, mphamvuyo ikanapita kuti?

Masamu a pa funso 4 akanapereka karenti yopanda malire m'nthawi ya ziro, chomwe ndi chizindikiro chakuti pali chinthu china chimene chasiyidwa pa chojambula. Chinthucho ndi indakitansi. Njira iliyonse yozungulira imene karenti ikudutsa imapanga maginito, ndipo maginitowo amakana kuti karenti isinthe mwadzidzidzi. Waya wamba ali ndi indakitansi ya pafupifupi 1 nH pa milimita iliyonse, kotero njira yotalika masentimita 10 ili ndi pafupifupi 100 nH.

Indakitansi ikalowa m'masamu, karenti sidumpha koma imakwera kuchokera pa ziro, ndipo imafika pachimake nthawi imene makapasita onse awiri ali pa 6 V. Nthawi imeneyo 36 mJ zija zili m'maginito ozungulira waya. Popeza karenti singaime pomwepo, imapitiriza kukankha chaji mpaka kapasita yachiwiri itafika pa 12 V ndipo yoyamba itatsala pa ziro, kenako chaji imabwerera. Imapita ndi kubwera ngati madzi m'beseni limene lagwedezedwa. Popanda chotaya mphamvu chilichonse kugwedezekaku sikukanatha, ndipo mkhalidwe wa 6 V mbali zonse sukanakhazikika. Ngakhale mawaya akanakhala opanda rezisitansi konse, karenti yopita ndi kubwera imatulutsa mafunde a wailesi, ndipo mafundewo akanatenga 36 mJ zija pang'onopang'ono mpaka zonse zitakhazikika pa 6 V.

Kugwedezekaku kumaoneka pokhapokha rezisitansi ikakhala yochepa kuposa malire awa:

```
R < 2 × √(L / Cs)
```

Pa makapasita athu a 1000 µF ndi njira ya 100 nH malirewo ndi pafupifupi 0.03 Ω, ndipo ESR ya makapasita wamba awiri amtunduwu nthawi zambiri imaposa pamenepa, choncho sagwedezeka. Koma mukatenga makapasita awiri aang'ono a 100 nF, malirewo amakwera kufika pa 2.8 Ω ndipo voliteji imagwedezeka pa liwiro la pafupifupi 2.25 MHz, zomwe zimaoneka bwino pa osilosikopu.

Ena amaphunzitsa kuti mphamvu yotayikayo imauluka ngati mafunde, ndipo ine ndimaona kuti akukokomeza. Kawaya kozungulira ka masentimita 10 n'kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi funde la 2.25 MHz, lomwe ndi lotalika mamita oposa 130, ndipo mlongoti waung'ono chotero sutulutsa kanthu kowerengeka. Wailesi ya AM imene ili pafupi ikhoza kumveka kuti thethe moto ukathetheka, koma mphamvu yofunika kuti imveke choncho ndi yochepetsetsa. Pa tebulo la mmisiri yankho loona ndi kutentha.

7. Bwanji osayambira pa mphamvu n'kupeza voliteji yomaliza ya 8.49 V?

Ophunzira ambiri amatero: amati 72 mJ zigawidwe m'makapasita awiri, ndipo masamu amawapatsa 8.49 V. Kuti muone kulakwika kwake, werengani chaji. Makapasita awiri a 1000 µF pa 8.49 V akufuna pafupifupi 17 mC, pamene panali 12 mC zokha, ndipo chilumba chotchulidwa pa funso 1 chilibe kotenga 5 mC zowonjezerazo. Mphamvu ili ndi khomo lotulukira, lomwe ndi kutentha, koma chaji ilibe khomo lolowera kapena lotulukira. Choncho yambani ndi chaji, pezani voliteji, ndipo mphamvu muiwerenge pamapeto.

8. Kodi nthawi zonse yotayika imakhala theka?

Ayi, theka limabwera pokhapokha makapasita akakhala ofanana. Gawo lotayika ndi ili:

```
gawo lotayika = C2 / (C1 + C2)
```

Kapasita yathu ya 1000 µF pa 12 V ikalumikizidwa ndi ya 470 µF, voliteji ithera pa 8.16 V ndipo mphamvu yotayika ndi pafupifupi 32 peresenti. Ikalumikizidwa ndi ya 4700 µF, voliteji ithera pa 2.1 V ndipo yotayika ipitirira 82 peresenti. Ngati kapasita yachiwiri inali ndi chaji kale, mphamvu yotayika ndi theka la Cs kuchulukitsa ndi kusiyana kwa mavoliteji awiriwo kochulukitsidwa ndi iko komwe. Izi zikutanthauza kuti makapasita amene mavoliteji awo ali pafupi amataya zochepa kwambiri, mfundo imene funso 10 laigwiritsa ntchito.

9. Kodi moto umene umathetheka polumikiza inveta ku batire ndi nkhani yomweyi?

Inde, ndipo apa ndi pamene amisiri ambiri a mu Lilongwe amakumana nayo maso ndi maso, popeza kuthimathima kwa magetsi kwachititsa kuti mainveta ndi mabatire a sola alowe m'nyumba ndi m'mashopu ambiri. M'kati mwa inveta, mbali yolowera magetsi a batire, muli makapasita akuluakulu amene amakhala opanda chaji inveta ikakhala nthawi yaitali yosalumikizidwa. Batire limachita ngati kapasita yaikulu koposa imene voliteji yake sitsika. Zikatero Cs imangofanana ndi kapasitansi ya inveta, ndipo mphamvu yotayika imafanana ndendende ndi imene makapasitawo asunga: batire limapereka magawo awiri, limodzi lisungidwa, linalo lipsa panjira.

Tiyerekeze kuti inveta ya 48 V ili ndi makapasita okwana 10,000 µF. Akadzaza asunga 11.5 J, ndipo 11.5 J zina zitayika. Ngati rezisitansi ya batire, mawaya ndi makapasita pamodzi ndi 0.02 Ω, masamu akupereka karenti yoyambirira ya 2400 A ndi τ ya 0.2 ms. Indakitansi ya mawaya imaichepetsako, komabe imakhala yaikulu kwambiri. Gawo lalikulu la kutenthako limagwera pamalo pochepetsetsa pamene chitsulo chayamba kukhudza chinzake, ndipo mpake kuti pamatsala kadzenje kakuda. Zizindikiro zina ndi fyuzi yopsa popanda chifukwa chooneka, swichi yowotcherereka imene ikukana kutseguka, kapena batire la lifiyamu limene likudzithimitsa lokha chifukwa chitetezo chake chayesa kuti mawaya agundana.

Mankhwala ake ndi kudzaza makapasitawo kaye kudzera m'rezisita. Thimitsani swichi ya inveta, lumikizani waya wa −, kenako ikani rezisita ya 33 Ω pakati pa + ya batire ndi waya wa + wa inveta. Karenti iyambira pa 1.45 A, τ ndi 0.33 ya sekondi, ndipo pakatha masekondi awiri makapasita adzaza. Mangani wayayo msanga, makapasita asanayambe kutaya chaji. Monga funso 5 lafotokozera, 11.5 J zija zatayikabe, koma tsopano zatayikira m'rezisita yopangidwira kupirira kutentha ndipo zatenga masekondi m'malo mwa kadontho ka sekondi. Sankhani rezisita yolimba ya mawati angapo, osati kakang'ono ka m'wailesi.

Pa inveta ya 12 V babu la galimoto limagwira ntchito yomweyo ndipo limakuuzani zimene zikuchitika. Likawala pang'ono n'kuzima, makapasita adzaza. Likapitiriza kuwala, ndiye kuti inveta ili yoyatsa, kapena mawaya atembenuzidwa, kapena m'kati mwake muli chimene chagundana, ndipo musamange wayayo musanapeze chifukwa.

10. Kodi pali njira yosamutsira chaji popanda kutaya mphamvu yochuluka chotero?

Ilipo, koma si ya rezisita. Njira yoyamba ndi kugwiritsa ntchito dala indakitansi yotchulidwa pa funso 6. Ikani koyilo ya 1 mH ndi dayodi mondondozana pakati pa makapasita athu. Karenti imakwera mpaka pafupifupi 8.5 A, pamene makapasita onse ali pa 6 V ndipo koyilo yasunga 36 mJ, kenako koyiloyo imapereka mphamvuyo kwa kapasita yachiwiri. Pakatha 2.2 ms karenti yabwerera pa ziro ndipo ikufuna kutembenuka, koma dayodi imaitsekera. Zinthu zikanakhala zangwiro, kapasita yachiwiri ikanatsala pa 12 V ndi 72 mJ zonse, yoyamba pa ziro. Pochita zenizeni mupeza voliteji yocheperapo, chifukwa dayodi imadyako voliteji ndipo koyilo ili ndi rezisitansi yakeyake. Kusiyana kwa koyilo ndi rezisita n'kwakuti koyilo imabwereka mphamvu n'kuibweza, pamene rezisita ikalandira sibweza. Matchaja a mafoni ndi makontirola a sola a MPPT amadalira nzeru imeneyi, poyatsa ndi kuthimitsa karenti ya m'koyilo maulendo zikwi zambiri pa sekondi.

Chipangizo choyatsa ndi kuthimitsa karenti chotere chikhozanso kufikitsa makapasita onse awiri pafupi ndi 8.49 V ya pa funso 7, ndipo sichikhala chitaphwanya lamulo lililonse. Dayodi yake imalumikiza mbali ya − ndi koyilo, choncho mapuleti a + salinso chilumba ndipo chaji yowonjezera ili ndi podzera.

Njira yachiwiri ndi kudzaza pamasitepe. Kudzaza kapasita ya 1000 µF kuchoka pa ziro kufika pa 12 V kamodzi kumataya 72 mJ. Mukaidzaza kaye pa 6 V kenako pa 12 V, sitepe iliyonse ili ndi kusiyana kwa 6 V ndipo imataya 18 mJ, zonse pamodzi 36 mJ. Masitepe khumi ofanana amataya gawo limodzi mwa magawo khumi. Vuto lake n'lakuti pamafunika magwero a mavoliteji onsewo.

11. Ndayesa ndekha koma mita yanga yaonetsa 6.5 V osati 6 V. Ndalakwitsa pati?

N'kutheka kuti simunalakwitse. Makapasita a elekitirolitiki, aja ooneka ngati timabotolo okhala ndi mzere mbali ya −, ambiri amaloledwa kusiyana ndi nambala yolembedwa pathupi pake ndi 20 peresenti kumtunda kapena kunsi. Ndipotu muyeso wanuwo ukukuuzani kusiyana kwake:

```
C2 = C1 × (V0 / V − 1)
```

Kuchoka pa 12 V kufika pa 6.5 V kukusonyeza kuti kapasita yachiwiri ndi pafupifupi 85 peresenti ya yoyamba. Kuti mutsimikize, asinthanitseni: dzazani yachiwiriyo pa 12 V ndipo muilumikize ndi yoyamba itakhuthulidwa. Ngati chifukwa chake ndi kusiyana kwa kukula, tsopano mupeza pafupifupi 5.5 V, ndipo miyeso iwiriyo ikaphatikizidwa ipereka 12 V. Mwanjira imeneyi mmisiri amene alibe mita yoyezera kapasitansi akhoza kuzindikira kapasita imene yauma, bola akhale ndi ina imene akuikhulupirira.

Miyeso iwiriyo ikaphatikizidwa n'kupitirira 12 V, kaikirani kuti kapasita imene mumati ilibe kanthu inali ndi chaji. Kapasita ya elekitirolitiki ikakhuthulidwa mwachangu n'kusiyidwa, voliteji yake imabwereranso pang'ono yokha, chifukwa dayilekitiriki imatulutsa mochedwa chaji imene inamwa. Isiyeni yolumikizidwa ndi rezisita kwa mphindi imodzi kapena ziwiri ndipo muiyeze musanayambe. Miyeso iwiri ija pamodzi ikaperewera 12 V, chaji ikudontha kwinakwake, kawirikawiri m'kapasita yakale, ndipo mudzaona nambala ikutsika pa mita muli chiyang'anire.

Mita nayo imadya chaji. Mamita ambiri a manambala ali ndi rezisitansi ya 10 MΩ, imene pa 1000 µF ikupereka τ ya masekondi 10,000, choncho palibe vuto. Pa 100 nF τ ndi sekondi imodzi yokha, ndipo voliteji imathawa musanaiwerenge. Cholakwa chomaliza, chimene chimachitika kawirikawiri kuposa zonsezi, ndi kuiwala kuchotsa batire: ngati likadali lolumikizidwa, makapasita onse awiri amathera pa 12 V ndipo palibe kugawana kumene mwayeza.

12. Kodi ndingakhuthule kapasita yaikulu ya m'kanema poilumikiza ndi ina yopanda chaji?

Musatero. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi 230 V, ndipo akawongoledwa ndi madayodi amadzaza kapasita yaikulu ya m'kanema kapena m'tchaja kufika pa 325 V, mwinanso kupitirira pa zipangizo zina. Kapasita ya 220 µF pa voliteji imeneyi yasunga 11.6 J, ndipo ikhoza kukhala nazo ngakhale pulagi itazulidwa kale.

Mukailumikiza ndi inzake yofanana nayo, theka la mphamvuyo liphulika ngati moto pafupi ndi zala zanu ndi maso anu, ndipo mutsala ndi makapasita awiri a 162 V, onse oopsa kuwakhudza. Mukatola ya 1000 µF yolembedwa 25 V poganiza kuti ndi yaikulu ndiye imeza zonse, masamu a pa funso 2 akupereka pafupifupi 59 V, kuposa kawiri malire ake, ndipo ikhoza kufufuma kapena kuphulika. Kugunditsa miyendo ndi sikuludiraiva nako kumatulutsa 11.6 J zonse pakamodzi ndipo kumawononga kapasitayo ndi bolodi.

Zulani pulagi, tengani rezisita ya 10 kΩ ya mawati asanu yomangiriridwa ku mawaya okutidwa bwino, ndipo muigwirizitse pa miyendo iwiri ya kapasitayo osakhudza chitsulo chilichonse ndi dzanja. Karenti iyambira pa 33 mA, τ ndi masekondi 2.2, ndipo pakatha masekondi 11 voliteji yatsika kufika pa mavoliti awiri okha. Yezani ndi mita musanagwire bolodi, ndipo yezaninso pakapita mphindi zingapo, pakuti voliteji imabwerera pang'ono monga funso 11 lafotokozera.